Lisiti Lafika pa Foni Popanda Mawu: Muyambire Pati?

Masiku ano ndalama zambiri za pabanja zikuyenda pa foni, ndipo kumbuyo kwa ndalamazo kumabwera zithunzi. Mwatuma munthu kukagula katundu, kapena mwatumiza ndalama kumudzi, ndiye chakumadzulo foni ikulira. Mukatsegula WhatsApp mukupeza chithunzi cha lisiti, chojambulidwa pabondo kapena pa benchi, chala cha wojambulayo chikuonekera pakona. Pansi pake palibe mawu, ngakhale moni. Asungichuma a mipingo ndi a banki mkhonde, eni nyumba za lendi, eni magolosale amene amatuma anyamata kukaoda, abale athu a ku Joni amene akumangitsa nyumba kuno kwathu, onsewa zithunzi zotere amazidziwa bwino.

Ambirife timayankha mwa njira ziwiri, ndipo zonse ziwiri zimavuta. Ena timangoponya kachizindikiro ka chala chachikulu n'kubweza foni m'thumba, osawerenga n'komwe. Kwa wotumizayo kachala kameneka kakutanthauza kuti mwaona, mwavomereza, nkhani yatha, ndiye mukadzaifukula patapita miyezi itatu adzakuonetsani kachala kanu komweko. Ena timayamba ndi mtima wokayika: bwanji sanalembe kanthu, akubisa chiyani? Apa ndi pamene ubale umayambira kuwinduka chifukwa cha pepala limene palibe analiwerenga mofatsa.

Kusalemba mawu si chipongwe kawirikawiri. Mwana kapena mng'ono amaona kulemera kuuza wamkulu kuti ndalama yaperewera, choncho amatumiza lisiti kuti limuyankhulire. Wina zolemba za pa lisitipo, zimene nthawi zambiri zimakhala m'Chingerezi komanso m'zidule, sanazimvetse, ndipo akuchita manyazi kunena. Wina ali pa kabaza, dzanja limodzi lagwira katundu. Winanso amakhulupirira ndi mtima wonse kuti pepala likunena zonse lokha. Koma pepala limodzi lomwelo likhoza kukhala likunena kuti "ndagula, umboni ndi uwu", kapena "taonani mmene mitengo yakwerera, onjezerani", kapena "ndikukayika, tandiwonkhetserani", kapena "sungani, kwa ine litayika". Simungadziwe chimene akufuna pongoyang'ana kamodzi. Chimene ndimalimbikitsa n'chakuti muyambe mwaliwerenga lisitilo nokha mwadongosolo, kenako mufunse funso limodzi lolunjika. Funso la munthu amene wawerenga limayankhidwa msanga, ndipo silipweteka.

Tiyerekeze ndi mayi wina amene amagwira ntchito ku Joni ndipo akumanga nyumba kwawo ku Lunzu. Watumizira achimwene ake K1,500,000 yogulira zipangizo. Mitengo imene ndiike pano ndi yongoyerekeza, chifukwa ya pa hadiweya imasinthasintha. Madzulo kwabwera chithunzi cha lisiti lolemba pamanja, chopanda mawu, ndipo pali mizere inayi. Simenti, matumba 30, lililonse K32,000, pamodzi K960,000. Malata 12, lililonse K24,500, pamodzi K294,000. Misomali, makilogalamu 5, pa K6,800, pamodzi K34,000. Waya woika pakati pa njerwa uja amisiri amamutchula kuti bulikifosi, mipukutu 8, pa K5,750, pamodzi K64,000. Pansi penipeni alemba K1,352,000.

Pepala limeneli ndi lanji?

Diso limathamangira pansi pamene pali nambala yaikulu, koma poyambira ndi pamwamba. Mapepala a m'sitolo amafanana maonekedwe pamene ntchito zake n'zosiyana kwambiri. Ngati pamutu palembedwa QUOTATION kapena PROFORMA INVOICE, palibe chimene chagulidwa: sitolo yangonena mitengo, ndipo achimwenewo mwina akufunsa kuti, ndigule kodi? Ngati palembedwa INVOICE, katundu mwina watengedwa kapena waodedwa, koma pepalalo likuitanitsa malipiro, silikuchitira umboni kuti ndalama yaperekedwa pokhapokha patakhala chidindo cha PAID ndi siginecha. Pepala lolembedwa RECEIPT kapena CASH SALE ndilo likunena kuti ndalama yalandiridwa. DELIVERY NOTE imangonena za katundu amene watuluka kapena wafika, nthawi zambiri popanda mitengo.

Kusiyana kumeneku kwakanganitsa anthu ambiri. Munthu walandira chithunzi cha kotesheni, iye n'kumaganiza kuti simenti ili kale pamalo, n'kuuza mmisiri kuti ayambe Lolemba. Wotumizayo naye akudikira yankho kuti agule. Sabata yatha, mtengo wa simenti wasintha, ndipo aliyense akuloza mnzake chala. Mawu amodzi a pamutu pa pepala akanathetsa zonsezi.

Mukadziwa mtundu wa pepala, onani tsiku ndi nambala yake. Mabuku a malisiti amakhala ndi nambala yosindikizidwa kale pakona, ndipo malisiti a makina nawonso amakhala ndi nambala, tsiku ndi nthawi. Tsiku lizigwirizana ndi nthawi imene munatumiza ndalama. Lisiti la pa 3 pamene ndalama munatumiza pa 10 likufuna kufotokozeredwa: mwina anatenga katundu pangongole kapena anayamba agwiritsa ndalama yawo, mwinanso ndi lisiti lakale limene munaliona kale. Pa ntchito yomanga, pamene simenti imagulidwa kangapo pa sitolo imodzimodzi, n'zosavuta kuti lisiti limodzi litumizidwe kawiri, dala kapena mosadziwa, chifukwa pa foni zithunzizo zimangofanana. Nambala ya pakona ija ndiyo imakuuzani.

Kuwonkhetsa kotsika sikukwanira

Tsopano tibwere pa masamu. Mayi uja atatenga kalikuleta ya pa foni n'kuphatikiza manambala a kumapeto kwa mizere, 960,000 ndi 294,000 ndi 34,000 ndi 64,000, apeza 1,352,000 ndendende, monga alembera pansi. Ambiri amalekera pomwepa, mtima n'kukhala pansi. Komatu kuwonkhetsa kotsika kumangotsimikiza kuti wolembayo anaphatikiza bwino zimene analemba. Sikunena ngati zimene analembazo zinali zolondola.

Mzere uliwonse uyenera kuyesedwa chopingasa: kuchuluka kwa katundu kuchulukitsa ndi mtengo wa chimodzi. Matumba 30 pa K32,000 ndi K960,000, palibe vuto. Malata 12 pa K24,500 ndi K294,000, zili bwino. Makilogalamu 5 pa K6,800 ndi K34,000. Koma mipukutu 8 pa K5,750 ndi K46,000, osati K64,000. Pali K18,000 yoonjezera, ndipo malinga ndi mitengo imene yalembedwa, zonse pamodzi zimayenera kukhala K1,334,000.

Akalaliki akale a zowerengera ndalama ali ndi kanjira kamene n'kothandiza apa. Munthu akasinthanitsa manambala awiri polemba, monga 46 kukhala 64, kusiyana kwake kumagawika ndi 9 popanda chotsala. Apa 64 kuchotsera 46 ndi 18, ndipo 18 kugawa ndi 9 ndi 2. Yesani ndi 35 ndi 53, kapena 27 ndi 72, mupeza chimodzimodzi. Choncho mukaona kuti masamu anu ndi a pa lisiti akusiyana ndi K9,000, K18,000, K27,000 kapena K45,000, yambani mwafufuza mzere umene manambala ake atembenuzidwa. Kanjiraka sikumagamula mlandu, kamangokulozerani poyang'ana, koma kamapulumutsa nthawi pa lisiti lalitali. Kamathandizanso mtima, chifukwa kutembenuza manambala ndi kulakwitsa kwa dzanja kumene kumachitikira aliyense amene akulemba mothamanga makasitomala ali pamzere.

Komabe mayi uja asathamangire kunena kuti wapeza yankho. Atagawa K64,000 ndi 8 apeza K8,000 yosalala bwino. Ndiye n'kutheka kuti wogulitsayo sanatembenuze manambala, koma anawerengera mtengo watsopano wa K8,000 pa mpukutu n'kulemba mtengo wakale m'danga la mtengo wa chimodzi. Kapena mwina pali waya wamitundu iwiri, wopyapyala ndi wotambalala, ndipo anapereka wodulayo. Kuchokera pa chithunzi chokha palibe angadziwe kuti choona n'chiti. Chimene mayiyo akudziwa motsimikiza n'chakuti mzere umenewu sukugwirizana wokha, ndipo chimenechi n'chokwanira kufunsira.

Pa malisiti olemba pamanja muzionanso manambala amene amasokonezeka: 1 ndi 7, 4 ndi 9, 0 ndi 6, komanso ziro amene wasowa kapena waonjezereka. Malo amene afufutidwa n'kulembedwanso popanda siginecha pambali, kapena mzere umene inki yake ndi yosiyana ndi mizere ina, ndi malo ofunsapo. Pa malisiti a makina kuchulukitsa ndi kuphatikiza sikulakwika kawirikawiri, chifukwa amachita ndi makinawo. Zolakwika zake zimakhala zina: chinthu chimodzi kuwerengedwa kawiri pa kauntala, kulowetsa 12 pamene mwatenga 2, kapena mtengo wa pa lisiti kusiyana ndi umene unali pa shelefu. Pamenepo chofunika ndi kuyerekeza mzere uliwonse ndi katundu amene ali m'jumbo, ntchito imene angaigwire ndi amene ali ndi katunduyo, osati inu amene muli ndi chithunzi.

Zimene lisiti silinena

Mayi uja anatumiza K1,500,000 ndipo lisiti likuti K1,352,000. Yotsala ndi K148,000. Apa ndi pamene maganizo oipa amakonda kulowera: chenji chili kuti? Koma matumba 30 a simenti, lililonse makilogalamu 50, ndi katundu wolemera tani imodzi ndi theka, ndipo sadziyendera okha. Panafunika galimoto, panafunika anyamata okweza ndi otsitsa, ndipo ngati ndalamayo inadzera pa foni, potapa kwa ejenti panadulidwa kena kake. Mwini lole wa pa siteji ndi aganyu sapereka lisiti. Ngati galimoto inadya K60,000 ndipo aganyu K15,000, yotsala yeniyeni ndi K73,000 musanachotse ya kwa ejenti. N'kutheka kuti chimene achimwenewo amafuna kunena ndi chithunzi chija n'chakuti ndalama yatsala pang'ono, ya mchenga ndi ya mmisiri sikwana.

Lisiti silinenanso kuti katundu wafika. Masitolo ambiri a hadiweya amalola munthu kulipira lero n'kudzatenga katundu tsiku lina, makamaka pothawa kukwera kwa mitengo. Zimenezi si zoipa, koma ziyenera kudziwika, ndipo pa lisitipo pazilembedwa kuti katundu watengedwa wochuluka bwanji ndipo watsala wochuluka bwanji. Amene akumangitsa ali kutali azipempha zithunzi ziwiri: cha pepala ndi cha katunduyo ali pamalo, matumba atasanjidwa moti n'kuwerengeka. Simenti ikakhalitsa pamalo a chinyezi imaumbana n'kuuma, choncho kudziwa pamene yasungidwa n'kofunika ngati kudziwa mtengo wake.

Atawerenga chonchi, uthenga wa mayi uja ukhoza kukhala wotere: "Achimwene, zikomo kwambiri chifukwa chondithamangira, lisiti ndaliona. Pa mzere wa bulikifosi ndikachulukitsa 8 ndi K5,750 ndikupeza K46,000, koma iwo alemba K64,000. Mwina dzanja linangophonya, kapena mtengo unasintha. Mungakawafunseko mawa mutatenga lisiti lenilenilo? Mundiuzenso ya galimoto ndi ya aganyu kuti ndilembe zonse pamodzi." Uthenga umenewu wathokoza, watchula mzere weniweni ndi manambala ake, waika vuto pa pepala osati pa munthu, ndipo watsegulira achimwenewo khomo loti anene za ndalama yotsala popanda kuchita kupempha. Kusitolo akaonetsa lisiti lenileni, wogulitsa akatsegula buku lake n'kupeza kope ya kaboni ya nambala yomweyo. Ndi bwino kupita msanga, wolembayo akadakumbukira komanso mipukutu ija isanamasulidwe.

Nthawi zina mukawerenga simupeza cholakwika chilichonse, ndipo simukudziwabe chifukwa chake chithunzicho chabwera. Pamenepo funsani momupatsa munthuyo posankha: "Ndaona, masamu ali bwino. Ndingosunga, kapena pali china chofunika kuti ndichite?" Kwa makolo kapena wina amene kulemba kumamuvuta, imbani kapena tumizani mawu ojambula. Ambiri amene sangalembe chiganizo chimodzi amafotokoza bwinobwino ndi pakamwa.

Msonkho wa VAT umene umazunguza ambiri

Tsiku lina achimwene aja atumiza lisiti la makina la penti ndi zina, ndipo pansi pali TOTAL K233,000, kenako mzere wina wa VAT K33,000. Funso loyamba limene anthu amafunsa ndi lakuti, ndiye talipira K233,000 kapena K266,000? M'masitolo ambiri ogulitsa kwa anthu wamba mtengo wa pa shelefu umakhala ndi msonkho kale mkati, ndipo mzere wa VAT umangokuonetsani gawo la ndalama yanu limene likupita ku boma kudzera ku Malawi Revenue Authority. Pa lisiti limeneli katundu ndi wa K200,000, msonkho ndi K33,000, ndipo mwalipira K233,000 basi.

Kwa zaka zambiri mulingo wa msonkhowu ku Malawi unali 16.5 peresenti, ndipo ndi umene ndagwiritsa ntchito pa chitsanzochi. Mulingo umatha kusinthidwa ndi boma, choncho tengani umene wasindikizidwa pa lisiti lanulo. Anthu ambiri akafuna kutsimikiza amatenga 16.5 peresenti ya K233,000, n'kupeza K38,445, n'kuyamba kunena kuti makina alakwitsa. Makina sanalakwitse. Msonkho unawerengedwa pa K200,000, mtengo usanaikidwe msonkho, osati pa K233,000. Kuti mupeze msonkho umene uli mkati mwa mtengo, chulukitsani mtengowo ndi 16.5 kenako mugawe ndi 116.5. Mukatero pa K233,000 mupeza K33,000. Ngati lisiti lanu lalemba 17.5, chulukitsani ndi 17.5 n'kugawa ndi 117.5.

Chofunika kuchenjera nacho ndi msonkho woikidwa kawiri. Munthu wakuuzani mtengo umene uli kale ndi msonkho, K233,000, kenako polemba n'kuonjezeranso 16.5 peresenti pamwamba, zonse n'kukhala K271,445. N'chifukwa chake polandira kotesheni muzifunsa poyamba ngati mitengoyo ili kale ndi VAT. Dziwaninso kuti si aliyense amene amaloledwa kutolera msonkhowu: ndi okhawo amene analembetsa ku MRA, ndipo lisiti lawo limaonetsa nambala yawo ya msonkho. Lisiti la pamanja lopanda dzina la sitolo, lopanda nambala ya msonkho, koma lokhala ndi mzere wa VAT pansi, ndi lofunika kulifunsa. Pa lisiti la golosale yaikulu musadabwe msonkho ukaoneka wochepa kuposa mmene mwawerengera, chifukwa katundu wina sakhala ndi msonkhowu, ndipo malisiti ambiri amaika kachilembo kumapeto kwa mzere kosonyeza gulu limene chinthucho chili.

Bilu ya madzi ndi uthenga wa ndalama

Bilu imawerengedwa mosiyana pang'ono, chifukwa siikunena za zimene mwalipira koma zimene akukuitanitsani. Wokhala m'nyumba ya lendi akatumizira mwini nyumba chithunzi cha bilu ya madzi popanda mawu, nthawi zambiri ndi chifukwa nambala ya pansi yamudzidzimutsa. Poyang'ana ndi patatu. Poyamba, manambala awiri a mita, akale ndi atsopano: ngati akale ndi 412 ndipo atsopano ndi 431, madzi amene agwiritsidwa ntchito ndi makiyubiki mita 19, ndipo kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000, kapena kuti ndowa 50 za malita 20. Kachiwiri, pemphani chithunzi cha mita yeniyeniyo lero. Ngati ikuonetsa 424, nambala yochepera imene ili pa bilu, ndiye kuti bilu inalembedwa mongoyerekeza kapena wowerenga anaphonya, ndipo chithunzi cha mitacho ndicho mukadandaulire nacho ku ofesi. Kachitatu, siyanitsani ndalama ya mwezi uno ndi ngongole yakale imene yabweretsedwa kutsogolo. Bilu yaikulu kawirikawiri imakhala ya mwezi wamba yosenza ngongole ya miyezi ya m'mbuyo, mwinanso ya munthu amene anatuluka m'nyumbamo. Manambala onse akakhala olondola koma madzi n'kukhala ochuluka modabwitsa, tsekani mipopi yonse muone ngati mita ikuyendabe. Ikamayenda, paipi ikudontha penapake.

Pa chithunzi cha uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba ndinene mwachidule koma mwamphamvu: chithunzi si ndalama. Uthenga wotere ukhoza kulembedwa ndi munthu, kusinthidwa, kapena kukhala wa tsiku lina. Musapereke katundu kapena kubweza ndalama imene wina akuti watumiza molakwitsa musanaone nokha mu akaunti yanu, poimba *211# pa Airtel kapena *444# pa TNM, kapena pa apu. Ikalowadi, lembani nambala ya malipirowo, chifukwa ndi imene adzakufunseni pakadzakhala dandaulo.

Kusunga

Pa zifukwa zonse zotumizira lisiti, chosunga ndicho anthu amachipeputsa, pamene ndicho chimene chithunzi chimathandizadi. Malisiti a makina ambiri sasindikizidwa ndi inki. Pepala lake losalala lija lili ndi mankhwala amene amada akatenthedwa, ndipo makina amalemba potentha timadontho. N'chifukwa chake lisiti lotere likakhala padzuwa, m'galimoto yotentha kapena m'chikwama cha m'thumba, zolemba zimazimiririka mpaka kutsala pepala loyera. Mafuta a m'manja ndi selotepi zimafulumizitsa kufufutikako, ndipo mukalipititsa pa makina omata pulasitiki ndi moto kuti mulisunge bwino, lonse limada bii. Wogula batire ya sola, foni kapena pampu yokhala ndi chitsimikizo cha chaka akhoza kupeza kuti pamene katundu wawonongeka, lisiti lake silikuwerengekanso. Lijambuleni tsiku lomwelo, ndipo la katundu wodula lipangitseni fotokope.

Kujambula kwake kukhale kosamala. Yalani lisiti pamalo osalala, poyera koma osati padzuwa lenileni, muzimitse kuwala kwa kamera chifukwa pepala losalala limanyezimira n'kubisa manambala. Makona onse anayi azioneka, popeza dzina la sitolo, tsiku ndi nambala zimakhala m'mphepete momwe anthu amadula. Lisiti lalitali lijambuleni kawiri, mzere womaliza wa chithunzi choyamba uonekenso poyamba pa chachiwiri, kuti wowerenga adziwe kuti palibe chadumphidwa. WhatsApp imachepetsa chithunzi kuti chisadye bandulo yambiri, ndipo manambala ang'onoang'ono amasanduka mbuu. Ngati simukutha kusiyanitsa 3 ndi 8, musaganizire: pemphani kuti atumizenso posankha HD, kapena achitumize ngati Document, chimene chimafika monga chinajambulidwira.

Koma chithunzi chongokhala m'macheza a pa foni sichinasungidwe. Chimakwiririka ndi mauthenga a maliro, a ukwati ndi moni wa m'mawa, foni ikadzaza anthu amafufuta zithunzi zonse nthawi imodzi, ndipo foni imabedwa kapena kugwera m'madzi. Ena anatchera kuti mauthenga azifufutika okha pakapita masiku, n'kuiwala. Njira yosavuta ndi kutsegula gulu la WhatsApp la ntchito imodzi yokha, monga la nyumba ya ku Lunzu ija, mmene muzilowa malisiti okhaokha, ndipo pansi pa chithunzi chilichonse wolandirayo alembe mzere umodzi: tsiku, sitolo, katundu, ndalama. Mawu amenewa ndi amene adzakuthandizeni pofufuza, chifukwa mukadzalemba kuti simenti pa malo ofufuzira, mauthenga onse a simenti adzatuluka. Mukamatumiza lisiti pagulu la anthu ambiri, monga la mpingo kapena la banja lonse, phimbani nambala ya akaunti ya kubanki, ndipo la kuchipatala kapena la mankhwala lipite kwa munthu mmodzi yekha woyenera, chifukwa mayina a mankhwala amaulula matenda a munthu.

Ine ndimakhulupirirabe kope wamba ya sukulu pambali pa zonsezi. Tsamba ligawidwe m'madanga: tsiku, nambala ya lisiti, katundu, ndalama yolowa, ndalama yotuluka, yotsala. Zopanda lisiti, monga galimoto ndi aganyu aja, zilembedwenso momwemo tsiku lomwelo, ndi mawu akuti palibe lisiti. Pa chitsanzo chathu mzere woyamba ndi K1,500,000 yolowa, wachiwiri K1,352,000 yotuluka, kenako K60,000 ndi K15,000, yotsala K73,000. Sitolo ikabweza K18,000 ija, musafufute mzere wakale: lembani mzere watsopano wa ndalama yolowa, yotsala ikhale K91,000, kuti aliyense wodzawerenga aone mmene zinayendera. Msungichuma wa gulu achite chimodzimodzi, ndipo malisiti enieni awatolere pa msonkhano wotsatira n'kuwasunga mu envulopu ya pepala, pamalo ozizira ndi amdima, atawalemba manambala ofanana ndi a m'kope.

Lisiti likakhala kuti latayika kale kapena lafufutika, nambala ndi tsiku zimene munalemba m'kope ndizo mupite nazo kusitolo. Buku la kaboni limasunga tsamba lachiwiri la lisiti lililonse motsatana manambala, ndipo masitolo a makina amatha kufufuza malonda a tsiku limenelo m'kompyuta yawo. Popanda nambala kapena tsiku, wogulitsa sangavundukule mabuku a miyezi isanu chifukwa cha kasitomala mmodzi, koma mukamuuza kuti ndi lisiti nambala yakuti la pa 14 Juni, ntchito yake imakhala ya mphindi zochepa, ndipo mukhoza kumupempha kuti akulembereni lina kapena akuloleni kujambula tsamba lakelo.